Chitseko cha kolodirumu chikatsala pang'ono kutsekeka, alamu imanama

Ine ntchito yanga ndi ya mafiriji ndi makolodirumu, zipinda zozizira zija zosungiramo nyama, ndiye funso lomwe eni mabutchala ndi ogulitsa nkhuku amandifunsa kawirikawiri ndi loti kodi palibe kachipangizo koti kazindiuza pafoni anyamata akasiya chitseko chosatseka? Kalipo, komanso sikovuta kupanga. Koma chomwe ndaona ine nchoti chitseko chotsegula yasaa sichimawononga katundu kwenikweni chifukwa aliyense wodutsa amachiona nkuchikankha. Chomwe chimapha nyama ndi chija chatsekedwa koma sichinagwire, katsala kampata kongolowa chala, anthu atseka shopu apita kwawo, mpweya wotentha ukulowa usiku onse.

Zimayenda chonchi. Mpweya wa panja uli ndi chinyontho, makamaka nthawi ya dzinja, ukalowa umakafikira pa makoyilo ozizira aja omwe ali kuseri kwa mafani nkusanduka ayisi. Ayisi akachuluka mphepo ya mafani siidutsanso pa makoyilo, ndiye kompuresa imangolira osapuma koma chipinda sichikuzizira, mayunitsi akutha, mmawa mukupeza nyama yomwe imayenera kukhala pakati pa madigiri 0 ndi 4 ili pa 11 yayamba kuterera. Ndipo ukatseka chitseko mmawawo sikuti zatha, ayisi uja ayambe wasungunuka kaye.

Kachipangizo kodziwa kuti chitseko chatseguka ndi kaswichi ka maginito, komwe kaja amaika pa mawindo pa alamu ya akuba. Mbali imodzi ndi maginito, imakhala pa chitseko, ina ndi kaswichi, imakhala pa felemu, zikayandikana kaswichi kamagwira, zikatalikirana kamasiya. Vuto lake nali: tambiri timagwirabe ngakhale maginito ali patali sentimita imodzi kapena ziwiri. Ndiye chitseko chili ndi mpata wa chala, kaswichi kakuti zonse zili bwino bwana gonani.

Ndinaziphunzira pa butchala ina yake yomwe ndinaika ndekha. Patatha masabata angapo mwini wake akundiimbira mmamawa atakwiya, akuti chinthu chanu chija sichinalire koma nyama yafunda. Nditafika ndinapeza kuti kakona ka kireti kanatsamira pakhomo, chitseko chinafika pafupi koma loko sinalowe, ndipo ine kaswichi ndinakaika kumtunda chapafupi ndi mahinjesi poti mpomwe waya amadutsa mosavuta. Kumahinjesi chitseko chimasuntha pang'ono kwambiri, kutsogolo kukatseguka masentimita atatu kumeneko mwina sikufika ndi theka la sentimita lomwe. Kulakwa kunali kwanga. Ndinakasamutsira mbali ya chogwirira, kenako ndinayamba kutalikitsa maginito pang'onopang'ono mpaka pomwe kamagwira pokhapokha chitseko chikakanikiza labala ya mmbali mwake yotchinga mpweya. Kuyesa kwake nkosavuta, ikani pensulo pakhomo mutseke, ngati bokosi la alamu lomwe kaswichi kamalumikizidwako likuti chatsekeka ndiye kuti simunamalize ntchito. Wokuikiraniyo asachoke musanaone zimenezi ndi maso anu. China, muuzeni alumikize moti waya akaduka bokosi liziona ngati chitseko chatseguka, bola alamu yabodza kusiyana nkuti khoswe adye waya inu osadziwa mwezi wathunthu.

Komabe kaswichi pakokha sindikakhulupirira, labala ikang'ambika kapena kuuma chitseko chimatsekeka bwinobwino mpweya nkumalowabe. Nchifukwa chake ndimaikanso sensa yoyeza kuzizira, ine ndimakonda DS18B20 ya mtundu wosalowa madzi uja, ndiyotchipa ndipo pa kuzizira kwa chipinda cha nyama siphonya kuposa theka la digiri. Osaipachika kutsogolo kwa fani kapena pakhomo penipeni, ikani chapakati pomwe pali katundu. Ndipo ndimailowetsa mu kabotolo ka madzi, chifukwa mpweya umasintha msanga munthu akangolowa pomwe nyama imafunda pang'onopang'ono, ndiye kabotoloko kamatsanzira nyamayo. Mufiriza ya madigiri 18 pansi pa ziro madzi angaume, mmenemo mu kabotolo timaika gilayikolo, mankhwala amadzimadzi osauma pa kuzizira kotero. Kabotoloka kamathandizanso pa difurositi, paja makina amaima okha kangapo patsiku kwa mphindi 20 kapena 30 kuti asungunule ayisi, mpweya umakwera ndithu nthawi imeneyo koma si vuto, ndipo sensa ya pamtunda ikanakutumizirani meseji ulendo uliwonse.

Apa ndiye pofunika kuganiza bwino, nthawi yoti alamu ilire. Mukati meseji izibwera chitseko chikangotseguka, pa Loweruka lokha mulandira mameseji osawerengeka, pofika Lolemba mwasiya kuwawerenga, basi ndalama yapita pachabe. Pa butchala ija tinapanga motere: chitseko chikakhala chotsegula mphindi 2 kabeza kamalira pakhomo pompo kuti amene ali pafupi atseke, nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo mwini wake osavutitsidwa. Zikafika mphindi 5 meseji imapita kwa bwana, pakadutsanso mphindi 10 chisanatsekedwe imapita kwa munthu wachiwiri, mlonda kapena amene amasunga makiyi, poti bwana akhoza kukhala ali ku maliro kumudzi. Chikatsekedwa imabweranso ina yonena kuti chatsekedwa ndipo chinakhala mphindi zingati. Tsiku lotsitsa katundu pali batani loletsa alamu kwa mphindi 30, kenako imadzibwezeretsa yokha, musalole swichi yozimitsiratu chifukwa adzazimitsa nkuiwala. Mbali ya kuzizira tinaika kuti kabotolo kakapitirira madigiri 7 kwa mphindi 30 meseji ipite, kaya chitseko chikuti chatsekeka kaya ayi.

Mesejiyo izinena zonse pamodzi, mwachitsanzo: chitseko chotseka, madigiri 8, magetsi alipo. Mukawerenga choncho mukudziwa kale kuti si anyamata, ndi labala, ayisi pa makoyilo kapena makina enieniwo, muitane ife. Ikati chitseko chotsegula mphindi 15, madigiri 4, katundu akadali bwino, ingotumani munthu.

Bokosi lenilenilo mkati mwake muli kabodi ngati ESP32 ndi kena kotumiza meseji ngati SIM800L komwe mumalowa simukhadi ya Airtel kapena TNM. Ndimasankha meseji wamba osati wayifayi chifukwa magetsi akapita rauta imazima nayo, komanso meseji imalowa ndi pa kafoni ka mabatani komwe. Bokosili lizikhala kunja kwa chipinda, mkati mungolowa waya wa sensa, paja makoma a kolodirumu ndi malata mbali zonse ndiye netiweki imavutika kulowa, komanso chinyontho chimadya mabodi. Pobowola podutsa waya pamatidwe ndi silikoni. SIM800L ili ndi khalidwe lake, ikamatumiza imakoka mphamvu mpaka maampu 2 mwakanthawi kochepa, ndiye ukaipatsa tchaja yofooka imangozima nkuyambiranso, pa tebulo imaoneka ngati ikugwira koma meseji osapita.

Batire ndiye musachite kufunsa. ESCOM ikatenga magetsi bokosi likhalebe moyo maola angapo ndipo likuuzeni kuti magetsi apita, chifukwa nthawi imeneyo ndi pomwe chitseko sichiyenera kutsegulidwa mwachisawawa, chipinda chotseka bwino chimasunga kuzizira kwa kanthawi ndithu.

Chomwe chimagwetsa anthu ambiri pamapeto pake ndi simukhadi, mayunitsi atha kapena bando yatha nthawi, bokosi likuyesa kutumiza koma zii, inu mukuti kuli chete ndiye kuti kuli bwino. Ine ndimaika kuti tsiku lililonse 6 koloko mmawa lizitumiza meseji imodzi yonena madigiri ndi mphamvu ya batire. Tsiku lomwe siinabwere, pitani mukaone, ndipo popita mutenge pensulo ija.