Patisipo wa Chigiriki: nthawi, chifukwa, njira kapena "ngati"?

Ndingadziwe bwanji kuti patisipo akugwira ntchito ngati muonjezi?

Yang'anani ngati kutsogolo kwake kuli kamawu ka ὁ, ἡ kapena τό. Kakakhalapo, patisipoyo si muonjezi. Kakasowa, n'kutheka kuti ndi muonjezi, makamaka akagwirizana ndi mwininkhani wa mneni wamkulu.

Kodi maonekedwe ake amanena okha kuti apa ndi nthawi, apa ndi chifukwa?

Ayi. Nkhani yozungulira ndiyo imagamula. Pafupifupi patisipo aliyense angathe kuyankha funso lakuti "liti?", n'chifukwa chake ophunzira ambiri amathamangira ku nthawi. Ine ndimati yesani zinazo kaye. Pa Mateyu 1:19, δίκαιος ὤν sakutiuza nthawi imene Yosefe anali wolungama, koma chifukwa chimene anaganizira zomusiya Mariya mwachinsinsi. Patisipo wa pefekiti nayenso amakonda kunena chifukwa: pa Yohane 4:6 Yesu anakhala pansi pachitsime κεκοπιακώς, poti anali atatopa ndi ulendo.

Nanga njira ndiisiyanitsa bwanji ndi chifukwa?

Chifukwa chimayankha funso lakuti "n'chiyani chinachititsa?" ndipo kawirikawiri chimatsogola. Njira imayankha lakuti "pochita chiyani?" ndipo imakonda kubwera pambuyo pa mneni amene tanthauzo lake ndi lotakata. Pa Mateyu 27:4 Yudasi akuti ἥμαρτον παραδοὺς αἷμα ἀθῷον. "Ndachimwa" payekha sakunena tchimolo, ndiye παραδούς akulimasula: popereka munthu wosalakwa. Onaninso kuti patisipoyu ndi wa aorisiti, komabe kuperekako sikunachitike kuchimwa kusanayambe, ndi chinthu chimodzi. Choncho lamulo lija lakuti aorisiti nthawi zonse amatanthauza "atachita" musalikhulupirire kwambiri, makamaka mneni wamkulu akakhalanso wa aorisiti.

Tanthauzo la "ngati" limaoneka bwanji?

Mneni wamkulu amakonda kuloza kutsogolo kapena kukhala funso. Pa Agalatiya 6:9, θερίσομεν μὴ ἐκλυόμενοι ndi "tidzakolola ngati sitifooka". Umboni wina wabwino uli pa Luka 9:25, pamene pali patisipo κερδήσας, koma Mateyu 16:26 ponena mawu omwewo akulemba ἐὰν ndi κερδήσῃ, kuika "ngati" poyera.

Ndinamva kuti μή amasonyeza "ngati". N'zoona?

M'Chigiriki chakale cha ku Atene, kawirikawiri inde, ndipo οὐ ankapita ndi zinthu zochitikadi. M'Chipangano Chatsopano μή analanda malo pafupifupi onse pa patisipo. Pa Mateyu 22:29, πλανᾶσθε μὴ εἰδότες τὰς γραφάς ndi chifukwa: Asaduki akusochera poti sadziwa Malemba. Apa chifukwa chabwera pambuyo pa mneni, kusonyeza kuti malo a mawu ndi chizindikiro chabe.

Bwanji ziwiri zikamveka zonse?

Zimachitika. Pa Mateyu 2:10, ἰδόντες τὸν ἀστέρα anzeru a kum'mawa anakondwera: ataona nyenyezi, komanso chifukwa choiona. Pamenepa "poona nyenyezi" akunyamula zonse ziwiri, ndipo palibe chifukwa chokakamizira wolemba kusankha chimodzi pa ulaliki.