Babulo wa m'nyimbo za rege si mzinda wa ku Iraki

Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo pali cholakwa chimodzi chimene chandikwana. Munthu amamva nyimbo ya rege ya ku Jamaika ikutchula Babulo, n'kutsegula dikishonale. Mmenemo amapeza kuti Babulo unali mzinda wakale m'mbali mwa mtsinje wa Firate, kumene lero kuli dziko la Iraki. Basi amatseka bukulo, n'kuyamba kuuza anzake kuti woimbayo akusimba mbiri ya m'Baibulo. Dikishonaleyo sikunama ayi, koma siinalembedwe kuti ikuuzeni zimene munthu wa ku Kingston, likulu la Jamaika, amamva mumtima akatchula dzinali.

Nkhani ya Salimo 137 mukuidziwa kale, ya Ayuda amene anakhala pansi m'mbali mwa mitsinje ya ku Babulo n'kumalira pokumbukira Ziyoni. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti anthu akuda a ku Jamaika powerenga salimoli ankadziona okha. Makolo awo anagwidwa ku Afirika, n'kuwolotsedwa nyanja kukalima nzimbe. Angerezi analanda chilumbachi mu 1655, ndipo ukapolo unatheratu mu 1838, koma minda yabwino ndi ulamuliro zinakhalabe m'manja mwa ena. Ras Tafari atavekedwa ufumu ku Itiyopiya pa 2 Novembala 1930 n'kutenga dzina la Haile Selassie, alaliki ena pachilumbapo anayamba kuphunzitsa kuti iyeyu ndiye mfumu ya anthu akuda, ndipo otsatira chiphunzitsochi ndiwo Arasita. Kwa iwo Jamaika linali dziko la ukapolo, ndiye kuti Babulo, pamene Itiyopiya ndi Afirika yense anali Ziyoni, kwawo kwenikweni.

Choncho Babulo wa Mrasita ndi dongosolo lonse lopondereza munthu wosauka: boma la atsamunda, khoti, bwana wolipira zochepa, sukulu yophunzitsa mwana kudana ndi khungu lake. Koposa zonse ndi wapolisi, ndipo chifukwa chake chilipo. Mu 1954 apolisi anaphwasula mudzi wa Arasita wa Pinnacle umene Leonard Howell anakhazikitsa. Mu Epulo 1963, kutachitika chipolowe ku Coral Gardens pafupi ndi Montego Bay, Arasita ambiri anagwidwa, kumenyedwa ndi kumetedwa tsitsi mokakamiza, ngakhale amene sanali pafupi ndi malowo. Boma la Jamaika linadzapepesa mu 2017. Woimba akamati Babulo ali pakhomo, zimenezi ndiye zili m'mutu mwake, osati njerwa za Nebukadinezara.

Onani chitsanzo chimene mungachitsimikize ndi makutu anu. Mu 1970 gulu la The Melodians linaimba Salimo 137 lija, koma pamene salimo likufunsa kuti tidzaimba bwanji nyimbo ya Yehova m'dziko lachilendo, iwo anaikapo nyimbo ya Mfumu Alefa. Mfumu Alefa ndi dzina limene Arasita amatchulira Haile Selassie. Mu 1978 gulu la Boney M linaimbanso nyimbo yomweyo ku Jeremani, n'kuchotsa Mfumu Alefa uja, kubwezerapo Ambuye. Anthu anavina dziko lonse, ena mpaka kuiyesa nyimbo ya kwaya. Dzina la Babulo lili m'nyimbo zonse ziwiri, zilembo zake n'zomwezo, koma m'yoyambayo akuimba ndi munthu amene akudziona kuti ali mu ukapolo lero lino. Womasulira amene sanamve dzina limodzi lija apereka nyimbo ziwirizi ngati imodzi.

Kuno kwathu vuto limawirikiza chifukwa mawu awiriwa tili nawo kale ndi katundu wathuwathu. Ukati Ziyoni, wina amaganiza za kumwamba, wina za mpingo wovala mikanjo uja woimba ng'oma. Ukati Babulo, wina amakumbuka ulaliki wonena za chipembedzo chonyenga. Ndiye khutu limathamangira tanthauzo limene linazolowera, n'kumaganiza kuti lamvetsa.

Pali nkhani imene imandiwawabe mpaka lero. Mayi wina anabwera kwanga ndi kope la mwana wake, mnyamata wa zaka 17. M'kopemo mnyamatayo anakopera mawu a nyimbo zimene ankazikonda, ndipo mizere iwiri anaitsindika ndi cholembera chofiira. Wina unkanena za moto wopsereza Babulo, wina za ulendo wopita ku Ziyoni. Bambo ake atalipeza kopelo anapita nalo kwa munthu wina wa m'deralo wodziwika kuti Chingerezi amachitha. Munthuyo anawauza kuti mwanayo akufuna kutentha tchalitchi, ndipo akulakalaka kufa kuti apite kumwamba. Panyumba panabuka mkangano woopsa, mwana anametedwa mokakamiza, ndipo patapita masiku anachoka osatsanzika.

Nditawerenga ndinati, "Mayi, mwana wanuyu sakunena za tchalitchi chanu. Moto uwu ndi wa chiweruzo, wonga wa pa Chivumbulutso 18, pamene Babulo akugwa. Akudandaula za kuponderezedwa. Ziyoni akunenayu si kumanda, ndi malo amene munthu wakuda akhale mwaulemu, ali moyo."

Mayiwo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo, mukanatiuza zimenezi kale, bwenzi mwana wanga ali pakhomo."

Anabwera kwa ine patatha miyezi 8. Kufotokoza mizere iwiriyo kunanditengera mphindi zosakwana 10. Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mbali ya Ziyoni ija womasulira uja anaitembenuza kwenikweni, chifukwa Arasita ambiri amakana chiphunzitso chodikira chisangalalo cha kumwamba munthu akamwalira. Amafuna chilungamo pansi pompano. Ziyoni wawo ali ndi nthaka yopondeka: Haile Selassie anapereka malo ku Shashemene, m'dziko la Itiyopiya, kwa anthu akuda ofuna kubwerera ku Afirika, ndipo alipo ochokera ku Jamaika amene anasamukirako.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti moto uliwonse wa m'nyimbo ndi wa m'fanizo chabe. Pali nyimbo zina za dansiholo zimene zimalozetsa moto kwa anthu enieni, ndipo ku Jamaika komweko zinadzetsa mikangano. N'chifukwa chake ine sindimasulira mzere umodzi wozulidwa. Ndimafuna nyimbo yonse, ndidziwe woimbayo ngati ndi Mrasita, ndi nthawi imene anaimba. Kenako ndimayang'ana mawu oyandikana nawo. Babulo akakhala ndi galimoto, mfuti kapena unyolo, akugogoda pachitseko, ameneyo ndi wapolisi, ndipo ndimalemba kuti apolisi. Akakhala kuti akugwa, akupsa, kapena akuyamwa magazi a osauka, ndi dongosolo lonse lija, ndipo pamenepo dzinalo ndimalisiya momwemo n'kulifotokoza kamodzi pambali. Kulisandutsa "boma" kumalichepetsa, chifukwa kumachotsa ukapolo ndi salimo limene lili pansi pake.

Chenjerani ndi omasulira othamanga, amene nyimbo isanathe n'komwe ayamba kale kukuuzani tanthauzo, kaya pa wailesi, kaya m'mavidiyo a pafoni. Kudziwa Chingerezi cha kusukulu si kudziwa Chipatwa cha ku Jamaika, ndiponso si kudziwa Chirasita. Muyeseni ndi funso limodzi: Mfumu Alefa ndani? Akayamba kukuuzani za chilembo choyamba cha Chigiriki n'kulekera pomwepo, tengani kope lanu mupite nalo kwina tsiku lomwelo, musanalankhule ndi mwanayo mwaukali. Mayi aja kopelo anandisiyira, ndipo likadali m'kabati mwanga. Mnyamatayo anamveka kuti ali ku Joni, koma kunyumba sanaimbebe foni.