Boluti, liva, pampu ndi semi: kusiyana kumaonekera pa chipolopolo chachiwiri

Mfuti ya boluti, liva, pampu kapena semi ikalira, pamakhala ntchito yoti ichitike isanalirenso. Chitsulo chotseka kumbuyo kwa mpope chimasuke, chigoba cha chipolopolo chomwe chaphulika chikokedwe n'kutayidwa kunja, kamsomali komenya chipolopolo katcheredwenso, chipolopolo china chilowe, kenako chitsulo chija chitsekenso molimba. Mitundu inayi yonse imagwira ntchito yomweyi. Imasiyana pa zinthu ziwiri: mphamvu yoyendetsa zitsulozo imachokera kuti, ndipo chotsekacho chimagwira pati.

Tiyambe ndi ya boluti. Dzanja limachita zinthu zinayi: kukweza chogwirira, kuchikoka, kuchikankha, n'kuchitsitsa. Pa mfuti ya Mauser ya 1898, yomwe ambiri opanga mfuti zosakira anatengerapo nzeru, boluti, chitsulo chotseka chija, ili ndi mano awiri kutsogolo omwe amalowa m'mipata yake mukapotoza chogwirira madigiri 90. Manowo amagwira pafupi kwambiri ndi tako la chipolopolo, motero wonga ukaphulika palibe chitsulo chachitali choti chipindike. Chipolopolo chilichonse chimakhazikika mumpope chimodzimodzi ndi chinzake, ndipo kulunjika kumayambira pamenepo. Chinanso n'chakuti mpope ungathe kusiyidwa osakhudza thabwa kapena china chilichonse. Mpope umanjenjemera mfuti ikalira, ndipo ukamanjenjemera mofanana nthawi zonse, zipolopolo zimagwera pamodzi. Mfuti yabwino ya boluti yokhala ndi zipolopolo zoiyenera imatha kuunjika mabowo pamalo a masentimita atatu pa mtunda wa mamita 100.

Vuto lake ndi liwiro. Dzanja lowombera limachoka pa tiliga, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, ndipo ambiri amadzutsanso mutu, kenako n'kuyambanso kufunafuna chandamale. Komabe musaipeputse. Lee-Enfield ya asilikali a Britain, yolowa zipolopolo 10, inkadziwika ndi changu chifukwa chogwirira chake chimakwera pang'ono chabe ndipo chili pafupi ndi tiliga.

Ya liva imasandutsa zinayi zija kukhala ziwiri: kukankhira pansi liva, chogwirira chomwe chili kunsi kwa tiliga, ndi kuibweza. Tsaya limakhalabe pa thabwa, diso pa chandamale. Winchester ya 1894, yomwe anaikonza John Browning, ndiyo chitsanzo chodziwika. Koma kunja kukaoneka kosavuta, mkati mwake muli tizitsulo tambiri tolumikizana, ndipo kuiphwasula kuti muitsuke n'kovuta kuposa boluti yomwe imangosololoka. Pa kulunjika imatsalira pa zifukwa zomveka. Boluti yake imatsekeredwa kumbuyo, osati kutsogolo. Magazini ake, mosungira zipolopolo, ndi paipi yomangiriridwa pansi pa mpope, ndiye kulemera kwake kumasintha zipolopolo zikamatha, mpope n'kumanjenjemera mosiyana. Chachikulu n'chakuti m'paipimo zipolopolo zimandandalikana, nsonga ya china itagunda tako la chinzake, penipeni pomwe kamsomali kamamenya. Chipolopolo chosongoka chingathe kuphulitsa cham'tsogolo mfuti ikagunda phewa. N'chifukwa chake zipolopolo za .30-30, zomwe zimalowa mu Winchester imeneyi, zimakhala zamutu wafulati kapena wozungulira, ndipo zotere zimataya liwiro msanga. Pa mamita 100 mpaka 150 zimagwira ntchito bwino. Kupitirira apo zimatsika kwambiri. Mfuti za liva zokhala ndi magazini a bokosi, monga Browning BLR, zilibe vuto limeneli.

Ya pampu imayendetsedwa ndi dzanja lakutsogolo: kukoka chogwirira, kuchikankha. Chala sichisuntha pa tiliga, ndipo kukankhira kutsogolo kuja kumathandiza kubwezera mfuti pa chandamale. Mwa mfuti zoyendetsa ndi manja, iyi ndiyo yachangu kwa anthu ambiri. Imapezeka kwambiri pa mashotigani, mfuti zowaza timipira tambiri nthawi imodzi, monga Remington 870, yomwe inatuluka mu 1950. Poipa pake ndi poti chogwirira chomwe mwatsamirapo chimagwedera pang'ono, ndipo mukagona chafufumimba n'kovuta kuchikoka.

Ya semi-otomatiki, yomwe ambiri amangoti semi, imalira kamodzi pa kukoka tiliga kamodzi, koma ntchito yonse ija imaichita yokha ndi mphamvu ya chipolopolo. Timfuti ta .22 monga Ruger 10/22 timangodalira kulemera kwa boluti ndi sipuling'i: chigoba chimakankha boluti, sipuling'i n'kuibweza. Zazikulu zambiri zili ndi kabowo pa mpope kopatutsa mpweya wina wa wonga kuti ukankhe zitsulo, monga M1 Garand yomwe asilikali a America anaivomereza mu 1936. Zina zimagwiritsa ntchito kugunda kwa mfuti komweko. Pa liwiro palibe yoiposa, ndipo za mpweya zimagunda phewa mofewerapo chifukwa mphamvuyo simabwera yonse nthawi imodzi. Zoti semi silunjika ndi nkhani yachikale. Zamakono zopangidwa bwino zimayandikira boluti, kungoti pamafunika ndalama zambiri ndi chisamaliro kuti zifike pamenepo.

Mawu akuti "yosavuta" amasokoneza ogula, chifukwa ali pawiri: yosavuta kwa wowombera, kapena yosavuta m'kati mwake. Tione alenje awiri okhala ndi mashotigani a geji 12, womwe ndi muyeso wa kukula kwa mpope, wina pampu, wina semi ya mpweya. Onse azolowera makatiriji, zipolopolo za shotigani, okhala ndi timipira ta magalamu 32, koma lero aika opepuka a magalamu 24. Mbalame ziwiri zauluka.

Wa semi waomba koyamba, kachiwiri tiliga yangoti zii. Akayang'ana pambali aona chigoba chapanikizika pakhomo lotayira, theka lili kunja. Katiriji yopepuka sinapereke mpweya wokwanira, boluti yabwerera pang'ono n'kutseka chigoba chisanatuluke. Zimatere makamaka ngati mwaye wachepetsa kabowo ka mpweya kapena mafuta alimba ndi kuzizira. Cholakwa si cha mlenje panthawiyo; chinachitika kale, posankha katiriji ndi posatsuka. Mankhwala ake ndi kutsuka kabowoko ndi pisitoni yomwe mpweyawo umakankha, kupaka mafuta ochepa, ndi kuika makatiriji olemera monga mmene buku la mfutiyo likunenera.

Pampu ilibe nazo kanthu za magalamu, chifukwa mphamvu ndi ya mkono. Koma mlenje wakeyo, chifukwa cha phuma, wakoka chogwirira osafikitsa kumapeto. Chigoba chatuluka, koma katiriji yatsopano imamasuka m'magazini pokhapokha chogwirira chikafika kumbuyo kwenikweni, ndiye watseka boluti mpope uli wopanda kanthu. Akakoka tiliga amva "kete" basi. Nthawi zina chigoba chakale chimangobwereramo. Mfuti ilibe vuto, ndipo kuitsuka sikungathandize. Ayenera kuzolowera kukoka mwamphamvu mpaka chitsulo chigunde, n'kukankhanso mpaka chitseke. Liva nayo imachita chimodzimodzi ikatsitsidwa mwamantha.

Kumva "kete" sikutanthauza nthawi zonse kuti mpope ulibe kanthu. Mwina muli katiriji yomwe yamenyedwa koma ikuchedwa kuyaka. Lozetsanibe mfuti kumalo kopanda munthu, dikirani masekondi 30, kenako tsegulani nkhope ili kutali. Ngati mwatuluka katiriji yathunthu yokhala ndi kachidindo kozama pa tako, katirijiyo ndiyo yakufa. Kachidindo kakakhala kosazama, kayikirani sipuling'i ya kamsomali kapena litsiro lomwe likukaletsa kuyenda. Ngati simunatuluke kanthu, vuto linali dzanja.

Boluti nayo ingakokedwe mosafikitsa, koma sizichitikachitika, chifukwa wowombera amaiona ndipo amaimva ikagunda kumapeto. Ilinso ndi mwayi womwe zinzake zilibe mokwanira: pokweza chogwirira, boluti imakankhana ndi kachitsulo kopendekeka komwe kamasolola chigoba chomata ndi mphamvu yaikulu. Chogwirira chikayamba kulimba kukweza mukangowomba, musachimenye n'kupitiriza. Chimenecho n'chizindikiro chakuti m'chipinda cha chipolopolo muli dzimbiri kapena litsiro, kapena zipolopolozo zili ndi mphamvu yopitirira muyeso wa mfutiyo, ndipo iyenera kuonedwa ndi mmisiri wa mfuti isanalirenso.