"Mwadzuka bwanji?" linali funso lisanasanduke chithunzi cha maluwa

Pagulu la WhatsApp la banja lathu tilipo anthu 34, ndipo mkangano waukulu umene tinakhalapo nawo sunali wa munda kapena wa chuma cha masiye. Unali wa moni wa m'mawa. Msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Joni anatuluka pagulupo atalemba mawu ochepa: "Ndatopa ndi maluwa." Azakhali a ku Dedza, amene amatumiza maluwawo tsiku lililonse kusanache, anakhumudwa kwambiri moti anakhala sabata yathunthu osayankhula. Onse awiri anali ndi mfundo, ndipo kuti munthu amvetse mfundo zawozo ayenera kuyamba wafunsa kuti moni wa m'mawayu anachokera kuti.

Kumudzi moni wa m'mawa ankachita kuyendera. Wamng'ono ankadzuka, kusukusula, n'kupita pakhomo pa agogo kapena pa malume, kuodira, kunjuta, kenako n'kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji?" Akafunsa sankanyamuka msanga. Ankadikira yankho, ndipo yankholo linali ndi masitepe ake amene aliyense ankawadziwa. "Tadzuka bwino, kaya inu" ndiye kuti kulibe vuto. "Tadzuka pang'ono" ndiye kuti khala pansi umve. "Aa, sitinagone kuno" ndiye kuti lero kumunda sikupitika, pafunika kufuna njinga yopitira kuchipatala. Wofunsayo ankaonanso ndi maso ngati chitseko chatsegulidwa, ngati moto wakolezedwa, ngati pabwalo pasesedwa. Mudzi unkadziwa amene wadwala usiku dzuwa lisanakwere, popanda wina kulengeza. N'chifukwa chake munthu wodutsa pakhomo osapereka moni ankamuti ndi wamwano: wakana kudziwa ngati mnzake wadzuka.

Anthu atayamba kupita kutali, funso lija linayamba kuyenda m'kalata. Amuna ambiri a kuno ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Halale, ndipo kalata zawo zinkayamba mofanana: moni, kufunsa za moyo wa onse mmodzimmodzi, kenako "ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko." Kalata inkatenga masabata, nthawi zina woilandira ankachita kufuna mwana wa sukulu kuti amuwerengere, koma funsolo linali lomwelo ndipo linkayembekezera yankho. Uthenga wa changu unali ndi njira yakeyake. Maliro ankalengezedwa pa telegalamu kapena pa wailesi ya MBC, pa nthawi ya mauthenga achisoni, pamene nyumba yonse inkakhala chete kumvetsera mayina a midzi ndi mafumu. Moni ndi uthenga wa zovuta sizinkadutsa pakhomo limodzi, ndipo mfundo imeneyi ndi imene inadzatisokoneza pambuyo pake.

Mafoni a m'manja anafika ndi TNM mu 1995, kenako Celtel mu 1999, imene inadzakhala Zain ndipo mu 2010 inasanduka Airtel. Masiku amenewo moni anali ndi mtengo. Uthenga umodzi wa SMS unkalola zilembo 160 zokha ndipo unkadya mayunitsi, choncho munthu ankasankha woti amulonjere. Wopanda mayunitsi ankangoflasha, ndipo mabanja ena anagwirizana kuti kuflasha kamodzi m'mawa ndiye kuti tadzuka bwino, kawiri ndiye kuti imbani pali nkhani. Sindinamvepo munthu akudandaula kuti wachulukiridwa moni pa nthawi imeneyo.

WhatsApp inayamba mu 2009, magulu anabwera mu 2011, ndipo mauthenga a mawu ojambula mu 2013. Mafoni otsika mtengo ndi mabandulo a WhatsApp atafalikira, moni anakhala ngati waulere, ndipo kukanikiza kamodzi kunkafikira banja lonse. Pamenepo ndi pamene zithunzi zinalowerera: duwa lofiira, kapu ya tiyi, dzuwa likutuluka, vesi la m'Baibulo, pamwamba palembedwa "Good Morning" kapena "Have a blessed day". Chizolowezichi si cha kuno kokha. Mu 2018 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba za momwe zithunzi za moni wa m'mawa zinkadzazira mafoni a anthu ku India, ndipo zithunzi zambiri zimene zimatifika kuno zimakhala zitadutsa kale m'manja ambiri, n'chifukwa chake pamwamba pake pamaoneka mawu akuti "Forwarded" kapena "Forwarded many times".

Chimene chinasintha apa ndi chachikulu kuposa momwe timachionera. Chithunzi sichifunsa kanthu. Chimakufunira tsiku labwino, koma sichisiya mpata woti uyankhe kuti "tadzuka pang'ono." Wodwala akaona duwa lolembedwa madalitso amangolemba "Amen" ngati ena onse, ululu wake n'kukhala nawo. Komanso njira inatembenuka. Kale wamng'ono ndiye ankapita kwa wamkulu. Lero akuluakulu, amene amadzuka tambala woyamba akangolira, ndiwo amayamba kutumiza, ndipo akaona kuti ana awerenga koma sanayankhe amamva ngati aodira pakhomo, eni nyumba ali momwemo koma osavomera. Azakhali anga ananena momveka bwino: "Ine ndikudzutseni inu, inu n'kukhala chete? Ndine mwana ine?" Kwa iwo nkhani sinali ya foni, inali ya ulemu.

Msuweni wanga uja nayenso sankanama. Tinawerengera limodzi za m'mawa umodzi wamba. Panali zithunzi 7, chilichonse pafupifupi 100 KB, ndi mavidiyo awiri a nyimbo ndi pemphero, iliyonse pafupifupi 4 MB. Zonse pamodzi zikuyandikira 9 MB patsiku, ndiye kuti pafupifupi 270 MB pamwezi, za moni wokhawokha. Kwa munthu wa waifai kuofesi si kanthu, koma kwa mlongo wathu amene amagula bandulo yaing'ono ndipo foni yake ndi yochepa malo, zinkatanthauza kuti bandulo ikutha msanga ndipo foni ikukana kujambula mwana wake chifukwa yadzaza. Mwana wa achimwene amene amaphunzira ku Britain ankadandaula za nthawi: kuno ikakhala 5 koloko m'mawa, kumeneko nyengo yozizira imakhala 3 koloko usiku, ndipo foni imalira kangapo iye ali mtulo.

Koma chimene chinatipweteka kwenikweni chinali china. Lachiwiri lina malume aakulu analemba m'mawa kwambiri kuti akazi awo agonekedwa m'chipatala ndipo pakufunika wina wopita ndi chakudya masana. Unali mzere umodzi wa mawu, wopanda chithunzi. Patangopita mphindi zochepa maluwa anayamba kugwa, ndipo pansi pa duwa lililonse panabwera "Amen", "Zikomo", "Inunso". Ambirife tikatsegula gulu n'kuona mauthenga 40 osawerenga timathamangira kumunsi. Uthenga wa malume unakwiririka. Amene anauona anali awiri okha, ndipo aliyense anaganiza kuti ena aona ndipo achitapo kanthu. Chakudya chinafika madzulo. Malume sanakalipe, anangoti, "Ndinalemba, koma mwina munatanganidwa." Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero. Zimene makolo athu anazilekanitsa, moni kwina uthenga wa zovuta kwina, ife tinaziika pa mphasa imodzi, ndipo chopepuka chinaphimba cholemera.

Ndikanati ndingoweruza pamenepo, ndikanati moniyu athe. Chinandibweza ndi sabata ija azakhali anakhala chete. Masiku awiri oyamba tinkadziwa kuti akwiya. Koma ndinazindikira kuti kwa zaka zitatu, osadziwa, ndakhala ndikuyang'ana duwa lawo monga momwe kale tinkayang'anira utsi pa khitchini yawo. Amakhala okha, ali ndi BP, ndipo duwa la 5 koloko linkandiuza kuti adzuka, maso akuona, foni ili ndi moto. Litasowa ndinayamba kuimba tsiku ndi tsiku. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a kumwera, magetsi atazima ndipo netiweki ikuvuta, gulu lomweli ndi limene linatithandiza kuwerenga abale a ku Blantyre. Aliyense amene anakwanitsa kulemba "tadzuka" tinkamuchonga, ndipo amene sanamveke tinkadziwa kuti ndi amene tiyambe kumufunafuna. M'mawa umenewo palibe anatumiza duwa, ndipo moni anabwerera ku ntchito yake yakale.

Choncho moni amathandiza pamene akuchokera kwa munthu amene kukhala chete kwake kungatanthauze kanthu: nkhalamba yokhala yokha, wodwala, mwana amene wangopita kumene kunja, mbale amene ali paulendo. Amathandizanso akakhala ndi kanthu ka tsiku limenelo, monga "kuno mvula yagwa usiku wonse" kapena "mwendo uja lero uli bwinoko," chifukwa pamenepo pali poyambira kucheza. Amatopetsa akakhala chithunzi chachisanu cha m'mawa womwewo, kapena akamatha ndi mawu okakamiza akuti tumiza kwa anthu khumi kuti udalitsike, kapenanso akasanduka kaundula wowerengera amene sanayankhe. Njira yodziwira kuti gulu lafika poipa ndi yosavuta: funsani masana kuti ndani akukumbukira chimene chinalembedwa m'mawa. Ngati palibe, ndiye kuti anthu anasiya kuwerenga kalekale.

Tinakambirana pa Khirisimasi titakumana kumudzi, maso ndi maso, chifukwa nkhani ya ulemu sikambidwa pa foni. Sitinawaletse azakhali. Tinawapempha kuti m'malo mwa chithunzi azijambula mawu awo, ndipo anakondwa, popeza kulemba kumawavuta ndipo zithunzi zija ankatumiza chifukwa ndi zimene zala zawo zinkakwanitsa. Tsopano amayankhula masekondi 20, ndipo mawu akakhala olefuka timamva. Ena tonse timangoika kachizindikiro pa uthenga wawowo, zimene WhatsApp inayamba kulola mu 2022, m'malo moti anthu 30 alembe "Amen" aliyense payekha. Za matenda, maliro ndi zopereka tinazitsegulira gulu lina, limene mulibe moni ndipo palibe amalitseka pakamwa. Gulu la macheza aliyense ali ndi ufulu wolitontholetsa pa "Mute notifications", ndipo a bandulo yochepa tinawathandiza kulowa pa "Settings", kenako "Storage and data", n'kuzimitsa "Media auto-download" kuti zithunzi zisamadzitsitse zokha.

Msuweni wanga anabwerera pagulu mwezi wotsatira. Azakhali sanamulandire ndi duwa. Anajambula mawu, anamutchula ndi mfunda wake, n'kumufunsa ngati chifuwa chija chinasiya. Iye anayankha kuti sichinasiye, ndipo Loweruka lomwelo mlamu wathu amene amakhala naye pafupi anamuperekeza kuchipatala.