Kadishi ya anamfedwa: chifukwa chake Ayuda amailekeza pa mwezi wa khumi ndi umodzi

Munthu akamva koyamba tanthauzo la Kadishi, pemphero limene Myuda amanena akaferedwa, amadabwa. Mulibe mawu oti imfa, ndipo dzina la malemu silitchulidwa. Namfedwa amaimirira m'sunagoge n'kuyamba kuti "Yitgadal veyitkadash shemei raba", kutanthauza kuti dzina lalikulu la Mulungu likwezedwe ndi kuyeretsedwa. Kenaka amapempha kuti ufumu wa Mulungu udze anthu akadali ndi moyo, ndipo mpingo umayankha mokweza kuti dzina lakelo lidalitsike mpaka muyaya. Namfedwayo amatsiriza ndi kupempha mtendere. Potsirizapo amabwerera m'mbuyo mapazi atatu ngati akutsazika mfumu.

Mawu ambiri a pempheroli ndi a Chiaramu, chinenero chimene Ayuda wamba ankalankhula ku Palestina ndi ku Babulo, osati Chihebri cha m'Malemba. Ichi chikusonyeza kumene linachokera. Poyamba silinali la maliro ayi. Linkanenedwa m'nyumba yophunziriramo mphunzitsi akamaliza kulongosola Malemba, kuti anthu abalalike ndi mawu otamanda pakamwa. Chiyambi chake chikufanana ndi Ezekieli 38:23, ndipo yankho la mpingo likufanana ndi Danieli 2:20. Buku la mapemphero la Rav Amram Gaon wa ku Babulo, la m'zaka za m'ma 800, lili nayo kale Kadishi ngati mbali ya chipembedzo cha tsiku ndi tsiku.

Mwambo woti ana amasiye aziinena unakhazikika mochedwa, pakati pa Ayuda a ku Germany ndi kumpoto kwa France m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200. Akatswiri ambiri a mbiri amaulumikiza ndi zimene zinachitika mu 1096, pamene magulu opita ku nkhondo yoyamba ya mtanda anapha Ayuda ochuluka m'mizinda ya Speyer, Worms ndi Mainz. Mipingo imene inatsala inali yodzaza ndi amasiye, ndipo inayamba kusunga maina a akufa ndi kuwakumbukira poyera. M'nthawi yomweyo munafala nthano ya Rabi Akiva. Akuti tsiku lina anakumana ndi munthu wakuda bii ndi mwaye, atasenza mtolo wa nkhuni, akuthamanga. Anali wakufa, wokhometsa msonkho wankhanza, ndipo nkhunizo zinali zomuwotchera yekha. Anati angamasulidwe pokhapokha mwana wake ataima pakati pa mpingo n'kuuchititsa kudalitsa dzina la Mulungu. Akiva anamufunafuna mwanayo, anamuphunzitsa, n'kumuimika patsogolo pa anthu, ndipo bambo uja anapumula. Rabi Isaac ben Moses wa ku Vienna, m'buku lake la malamulo lotchedwa Or Zarua, analemba za mwambo woti mwana wamasiye azinena Kadishi kumapeto kwa mapemphero. N'chifukwa chake dzina lake lenileni ndi Kadishi Yatom, Kadishi ya wamasiye.

Ine chimene chimandigwira mtima m'nthanoyi n'chakuti mwanayo sapempherera bambo ake mwachindunji. Ntchito yake ndi kuchititsa anthu ena kuyankha. Choncho Kadishi sanenera kuchipinda uli wekha. Pamafunika minyani, gulu la Ayuda akuluakulu khumi, ndipo m'masunagoge a Orthodox, osunga kwambiri miyambo yakale, amawerenga amuna okhaokha. Akakhalapo asanu ndi anayi, namfedwa amadikira, wina n'kutuluka kukasaka wa khumi pamsewu. Munthu amene chisoni chikanamutsekera m'nyumba amakakamizika kudzuka m'mawa ndi kupita kumene kuli anthu, ndipo anthuwo amadziwa kuti akajomba mnzawo sanena pemphero lake.

Kawerengedwe ka masiku ndi kumene anthu amasokonezeka. Tiyerekeze kuti bambo a munthu amwalira pa 5 Kisilevi, mwezi wa Chiyuda umene umagwa cha mu Novembala kapena Disembala, ndipo aikidwa tsiku lomwelo. Maliro asanaikidwe mwanayo sanena Kadishi, popeza lamulo limamumasula ku mapemphero kuti asamale za mtembo. Amayambira kumanda, kumene kuli Kadishi yapadera yaitali, imene yokhayo imatchula za kuuka kwa akufa. Masiku asanu ndi awiri oyamba, otchedwa shiva, amakhala pakhomo, ndipo minyani imabwera kwa iye. Akatha masikuwo amapita yekha kusunagoge pa mapemphero onse atatu, a madzulo, a m'mawa ndi a masana, ndipo amaimirira makamaka likatha pemphero la Aleinu. Pa Sabata ndi pa zikondwerero zizindikiro zakunja za maliro zimaimitsidwa, koma Kadishi siima. Akanakhala kuti wamwalirayo ndi mkazi wake, mbale wake kapena mwana wake, mwambo wofala ndi wa masiku 30. Kwa kholo amapitiriza mpaka itakwana miyezi 11, imene m'chitsanzo chathuchi nthawi zambiri imathera kumayambiriro kwa mwezi wa Heshivani chaka chotsatira.

Maliro a kholo amatha miyezi 12, ndiye bwanji Kadishi ithere panjira? Mishna, buku lakale la malamulo a Chiyuda, imati chiweruzo cha oipa ku Gehena chimatha miyezi 12. Mwana amene wanena Kadishi chaka chathunthu akhala ngati akuuza mpingo kuti bambo ake anali woipa wofunika kumuwombola mpaka tsiku lomaliza. Rabi Moses Isserles wa ku Krakow, m'zaka za m'ma 1500, analemba mwambo wa miyezi 11 pa chifukwa chimenechi. Mwezi wotsalawo mwana amakhala chete polemekeza kholo lake. Ayuda ambiri a Chisefaradi, amene makolo awo anachokera ku Spain ndi ku Portugal, amachita mosiyana pang'ono: amapumula kanthawi miyezi 11 ikakwana, n'kuyambiranso pa zigawo zina mpaka chaka chithe.

Kuchokera apo Kadishi imabwera kamodzi pachaka, pa tsiku la imfa, limene m'Chiyidishi, chinenero cha Ayuda a pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya, amati yahrzeit. Namfedwa wathu uja adzayatsa kandulo yoyaka usiku ndi usana wonse dzuwa likamalowa pa 4 Kisilevi, chifukwa tsiku la Chiyuda limayamba madzulo, ndipo adzanena Kadishi madzulowo, m'mawa ndi masana. Amene amatsata kalendala ya Januwale mpaka Disembala amaphonya tsiku, pakuti miyezi ya Chiyuda imatsata mwezi wakumwamba ndipo imasuntha chaka ndi chaka. Chaka china chimakhala ndi miyezi 13, mwezi wa Adara n'kubwera kawiri, ndipo pamenepo aphunzitsi a Chiyuda anasiyana maganizo: Joseph Karo anati womwalira mu Adara akumbukiridwe mu Adara wachiwiri, Isserles anati woyamba, ndipo ena amasunga onse awiri. Anthu amasokonezanso Kadishi ndi Yizkor, pemphero lina limene limatchula malemu ndi dzina, lonenedwa kanayi pachaka: pa Yom Kippur, pa Shemini Atzeret, tsiku lomaliza la Pasika ndi pa Shavuot. Kwa amene anaphedwa ndi a Nazi popanda wodziwa tsiku, akuluakulu a chipembedzo cha Chiyuda ku Israeli anapatula tsiku la 10 la mwezi wa Teveti kuti abale awo anene Kadishi.

Mikangano sinasowe. Kale m'masunagoge a Chiashikenazi, a Ayuda a ku Germany ndi kum'mawa kwa Ulaya, munthu mmodzi yekha ndiye ankanena Kadishi iliyonse, ndiye panali malamulo a amene ayambe, wa shiva kapena wa yahrzeit, mwini mudzi kapena mlendo, mpaka kuchita maere. Pambuyo pake ambiri anatengera Asefaradi, kuti anamfedwa onse azinena pamodzi. Nkhani ya ana aakazi ndiyo inatenga nthawi yaitali. M'zaka za m'ma 1600 ku Amsterdam munthu wina wopanda mwana wamwamuna analamula kuti mwana wake wamkazi adzamunenere Kadishi. Rabi Yair Bacharach wa ku Worms anavomera kuti lamulo silikuletsa kwenikweni, koma anakana poopa kufooketsa miyambo. Mu 1916 Henrietta Szold, amene anayambitsa bungwe la amayi a Chiyuda la Hadassah ku America, mayi ake atamwalira, mnzake wina wamwamuna anadzipereka kuti awanenere Kadishi. Szold anamuthokoza m'kalata koma anakana. Mayi akewo anali ndi ana aakazi okhaokha, ndipo bambo atamwalira sanalole munthu wakunja kutenga malo a anawo. Lero m'masunagoge a Reform ndi Conservative, amene anasintha ina mwa miyambo yakale, akazi amanena Kadishi ndipo amawerengedwa m'minyani, pamene m'masunagoge a Orthodox ena amalola mkazi kuinena ali kumbali ya akazi, ena salola.