Chifukwa chake matelesikopu ena amakagwira ntchito kunja kwa mpweya wa dziko

Funso: Kuchipatala ekisileyi imadutsa m'thupi la munthu. Nanga mpweya wamba ungaitseke bwanji?

Thupi ndi lopyapyala, mpweya ndi wochindikala. Mpweya umene uli pamwamba pa kamalo ka mita imodzi mulitali ndi mulifupi, kuchokera pansi mpaka kumene umathera, umalemera pafupifupi matani 10. Zili ngati tonsefe tikukhala pansi pa madzi akuya mamita 10. Maatomu a naitirojeni ndi okosijeni amameza ekisileyi yochokera ku nyenyezi isanatsike n'komwe, moti ngakhale mutakwera phiri lalitali bwanji simungaipeze.

N'chifukwa chake gulu la wasayansi Riccardo Giacconi linachita kutumiza chipangizo chozindikira ekisileyi pa roketi mu 1962, ndipo m'mphindi zochepa zimene chinakhala kumwambako chinapeza gwero lowala lotchedwa Scorpius X-1. Satelayiti yoyamba ya ntchito imeneyi inanyamukira m'nyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya pa 12 Disembala 1970, tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo. Anaitcha Uhuru.

Funso: Kodi infuraredi nayonso imatsekedwa chimodzimodzi?

Osati yonse. Uku ndi kuwala kumene maso saona koma khungu limakumva mukayandikira mbaula. Nthunzi ya madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi zimameza mbali zina za kuwalaku n'kusiya mipata, ndipo matelesikopu a pamapiri ouma, monga Mauna Kea ku Hawaii, amasuzumira pamipata imeneyo.

Vuto lachiwiri ndi limene ambiri saliganizira. Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa infuraredi: mpweya, nyumba ya telesikopu, ngakhale galasi lake lenilenilo. Kufunafuna kanyenyezi kakutali m'menemo kuli ngati kufuna kuona chiphaniphani utaima pafupi ndi moto wolusa wa m'tchire. Ndiye telesikopu ya James Webb, imene inanyamuka pa 25 Disembala 2021, anaiika makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno. Ili ndi chotchinga dzuwa cha nsalu zisanu, chachikulu ngati bwalo la tenisi, chimene chimasunga galasi lake la mamita 6.5 pa kuzizira kopitirira madigiri 220 pansi pa ziro.

Kuzizirako kukatha, maso amachepa mphamvu. Telesikopu ina ya infuraredi yotchedwa Spitzer, imene inakwera mu 2003, inkaziziritsidwa ndi hiliyamu wamadzi. Atatha mu 2009, zipangizo zake zambiri zinasiya ntchito, inangotsala ndi mbali ya kamera imodzi mpaka 2020.

Funso: Tandipatseni chitsanzo cha chinthu chimene pansi pano sitikanachiona.

Tengani pulaneti yotchedwa WASP-39b, imene kuwala kwa nyenyezi yake kumatenga zaka pafupifupi 700 kuti kutifike. Masiku anayi aliwonse imadutsa kutsogolo kwa nyenyeziyo, ndipo kuwala kumachepa ndi magawo awiri pa 100 aliwonse. Pa nthawi imeneyo kuwala kwina kumasefedwa ndi mpweya wa pulanetiyo kusanabwere kuno.

Webb inagawa kuwalako m'mitundumitundu n'kuyeza kuti mtundu uliwonse wachepa bwanji. Pa mafunde a infuraredi otalika mamaikulomita 4.3, kutanthauza pafupifupi magawo anayi pa magawo 1,000 a milimita imodzi, kunachepa kwambiri kuposa m'mbali mwake, ndipo pamenepo m'pamene kaboni dayokisaidi amameza kuwala. Zotsatira zinalengezedwa mu Ogasiti 2022, ndipo unali umboni woyamba wosakayikitsa wa mpweya umenewu pa pulaneti yozungulira nyenyezi ina. Tsopano taonani pamene pagona nkhani: mpweya wathu nawonso uli ndi kaboni dayokisaidi, ndipo umameza pa 4.3 pomwepo. Telesikopu ya paphiri, kaya ikule bwanji, ikanangoona chizindikiro cha mpweya wathu womwe.

Musafulumire kuganiza za zamoyo. Pulanetiyi ndi chimpira cha mpweya chotentha pafupifupi madigiri 900.

Funso: Nanga matelesikopu a ekisileyi amaonetsa chiyani?

Zinthu zotentha madigiri mamiliyoni: mpweya umene ukugwera m'dzenje lakuda limene limameza ngakhale kuwala, zotsala za nyenyezi zimene zinaphulika, ndi mpweya wodzaza pakati pa milalang'amba. Telesikopu ya Chandra, imene inakwezedwa mu 1999, itayang'ana zotsala zotere zotchedwa Cassiopeia A inapeza kadontho kowala pakati pake, kamene ndi mtima wa nyenyezi imene inaphulikayo.

Magalasi ake ndi achilendo. Ekisileyi ikamenya galasi molunjika imangolowamo osabwerera, choncho amapanga magalasi onga migolo yolowetsana, kuti kuwalako kungokhudza m'mbali n'kunjanja, monga mwala wophwatalala umene ana amaponya chopendeka pamwamba pa madzi kunyanja.

Funso: Telesikopu ikawonongeka ili kumeneko amatani?

Telesikopu ya Hubble ili pafupi, makilomita pafupifupi 500 m'mwamba, ndipo akatswiri anapitako kasanu kukaikonza. Webb palibe angaifikire pakali pano. Kamwala kakang'ono katamenya chigawo chimodzi mwa 18 za galasi lake mu Meyi 2022, mainjiniya anangosintha kaimidwe ka chigawocho ali pansi pano, ndipo chipseracho chilipobe.