Chigaza pa uthenga sichitanthauza maliro

"Ndinatumizira mdzukulu wanga chithunzi choseketsa, iye n'kuyankha ndi 💀. Kodi akundifunira imfa?"

Ayi agogo, mwanayo waseka kwambiri. Paja ifenso timati "ndafa nalo phwete" pomwe tili moyo. Achinyamata olankhula Chingerezi amanenanso kuti "ndafa" nthabwala ikawafika pamtima, ndiye chigaza chinangolowa m'malo mwa mawuwo. Chizindikirochi chinalowa mu Unicode, mndandanda wa zilembo ndi zizindikiro za pa foni ndi kompyuta, mu 2010, koma tanthauzo la kusekali lafala pambuyo pake, makamaka pa TikTok, achinyamata atayamba kuona 😂 ngati ya makolo awo.

Nthawi zina amasekera nacho munthu amene wachita zochititsa manyazi, choncho onani zomwe zatsogola. Koma pa uthenga wa maliro enieni musachiyike, wolandirayo adzayesa mukuseka.